Ndondomeko Yozimitsira Magetsi a Sola a Padenga pa Nyumba Yathu Yogona Alendo ku Senga Bay

Kwa ogwira ntchito onse, alonda, ndi amisiri amene amabwera kudzakonza zinthu pamalo pano. Pepala ili likhale lomata pachitseko cha chipinda cha mabatire, ndipo lina likhale m'kanyumba ka alonda kugeti.

Chinthu choyamba chimene aliyense ayenera kumvetsa ndi chakuti mapanelo a sola alibe swichi yowazimitsira. Kuwala kukangofika pagalasi lawo amapanga magetsi, kaya inveta, makina osandutsa magetsi a mapanelo kukhala oyenera m'nyumba, ndi yoyaka kapena yozima, kaya a ESCOM alipo kapena athima. Maswichi onse amene atchulidwa m'munsimu amangolekanitsa denga ndi nyumba, koma mapanelo eni ake ndi mawaya ochokera padenga kufika m'bokosi lotuwa la pakhonde la kumbuyo amakhalabe amoyo mpaka kunja kutada.

Padenga la khitchini ndi chipinda chodyera pali mapanelo 16, olumikizidwa m'mizere iwiri ya mapanelo 8. Panelo imodzi imatulutsa mavoti pafupifupi 50 pakakhala kuti palibe chimene chikukoka magetsi ake, ndipo popeza mapanelo a mumzere umodzi amawonkhetsana mphamvu, kumapeto kwa mzere kumapezeka mavoti pafupifupi 400. Magetsi a m'masoketi athu ndi a mavoti 230. Mitambo ikaphimba dzuwa chimene chimatsika kwambiri ndi kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, koma mavoti amatsika pang'ono chabe, choncho tsiku la mvula yowaza si tsiku lotetezeka. M'mawa wozizira wa mu Juni ndi Julayi mavoti amakwera kuposa masana otentha a mu Okutobala, chifukwa panelo yozizira imatulutsa mavoti ambiri.

Pali kusiyana kwina kumene amisiri ozolowera mawaya a m'nyumba amakuiwala. Magetsi a ESCOM, amene pamita yoyezera amalembedwa AC, amasinthasintha mbali ndipo amafika pa ziro maulendo 100 pa sekondi iliyonse, motero moto wothetheka pakati pa mawaya awiri umazima msanga. Magetsi a mapanelo, olembedwa DC, amayenda mbali imodzi osapuma. Munthu akazula pulagi ya panelo magetsi akuyenda, moto umalumpha pampata umene watsekukawo ndipo umapitiriza kuyaka ngati wa kuwotcherera zitsulo, kusungunula pulasitiki ndi kupsereza dzanja. Chaka chatha mmisiri wopaka penti anafuna kusuntha waya umene unkamutchinga pamalata, ndipo anali atagwira kale pulagiyo m'manja pamene mlonda anamukuwira ali pansi. Sanapwetekedwe, koma ndi chifukwa chake ndondomeko iyi yalembedwa.

Kuzimitsa pofuna kukonza

Ntchito yotsegula bokosi, kuzula mapulagi kapena kuchotsa panelo ndi ya katswiri wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA basi. Asagwire yekha: pakhale munthu wachiwiri pansi amene akumuona nthawi zonse ndipo akudziwa pamene pali maswichi. Ogwira ntchito ena onse amaloledwa kutembenuza maswichi motsatira dongosolo ili, koma osatsegula chivundikiro chilichonse.

Yambani ndi kudziwitsa a kukhitchini ndi a pamalo olandirira alendo kuti magetsi azima, kuti atseke mafiriji ndi kuzimitsa pampu ya madzi. Mukalowa m'chipinda cha mabatire, tsitsani bureka yolembedwa AC OUT, imene imapereka magetsi ku nyumba yonse, kenako yolembedwa GRID IN, imene imalowetsa magetsi a ESCOM mu inveta. Iyi muitsitse ngakhale a ESCOM atathima, chifukwa amabwerera osalengeza. Mukatero zimitsani inveta pa batani lake.

Pokhapokha izi zitachitika ndi pamene mungakhudze mbali ya mapanelo. Chifukwa chake ndi chakuti inveta ikasiya kukoka, magetsi oyenda m'mawaya a padenga amatsika kufika pa ziro kapena pafupi, ndipo swichi imatseguka popanda kulimbana ndi moto. Tembenuzani maswichi awiri ozungulira a pafupi ndi inveta, olembedwa PV1 ndi PV2, kufika pa OFF, ndipo muchite zimenezi mwamphamvu kamodzi, osati pang'onopang'ono mokayikira. Kenako pitani pakhonde la kumbuyo mukatembenuze maswichi awiri a pabokosi lotuwa chimodzimodzi. Pomaliza bwererani mutsitse bureka yaikulu yolembedwa BATTERY. Mabatire athu ndi a mavoti 48, amene ena amawapeputsa, koma sipanala ikagwera pamitu yawo iwiri imatha kufiira ndi kusungunuka m'kanthawi kochepa.

Dikirani mphindi 5 musanatsegule inveta, popeza mkati mwake muli zipangizo zosunga magetsi zimene zimatenga nthawi kuti zitsitse mphamvu. Pamene mukudikira, kolekani loko pa swichi iliyonse imene ili ndi bowo la loko, ndi kumangirira chikwangwani chofiira cholembedwa kuti "Musayatse, pali munthu padenga". Makiyi akhale m'thumba la munthu amene akukwera, osati pa msomali wa kuseri kwa chitseko kumene timakonda kupachika makiyi ena onse. Mlonda wolowa ntchito madzulo akapeza nyumba ili mumdima amafuna kuthandiza, ndipo loko ndi amene angamuletse.

Swichi yolozera pa OFF si umboni wokwanira. Maswichi amtunduwu amatha kupsa ndi kumatirira mkati chogwirira chikuzungulira bwinobwino kunja, makamaka akalowa chinyezi cha kunyanja kapena nyerere. Katswiri ayeze ndi mita yolembedwa CAT III 1000 V, itaikidwa pa DC. Ayambe wayesa mitayo pamalo amene akudziwa kuti pali magetsi, monga pamitu ya batire, kenako ayeze pamalo amene akufuna kugwira: pakati pa waya wa + ndi wa −, pakati pa + ndi waya wa nthaka, ndi pakati pa − ndi waya wa nthaka. Akamaliza ayesenso mitayo pabatire kuti atsimikize kuti sinafe panjira. M'bokosi lotuwa apeza ziro kumbali yopita ku inveta ndi mavoti pafupifupi 400 kumbali yochokera padenga, zala ziwiri zokha kutalikirana, ndipo izi ndi zoyenera kutero.

Asanazule pulagi iliyonse ya MC4 yolumikiza mapanelo kapena kusolola fyuzi, akoleke mita yopana waya, yotha kuyeza DC, pawaya womwewo ndipo aone ziro. Mita ikaonetsa kuti magetsi akuyendabe maswichi onse ali pa OFF, ndiye kuti penapake waya wasupuka ndipo ukukhudza chitsulo kapena waya unzake. Zikatero asazule chilichonse, atsike, ndipo ntchitoyo idikire usiku. Makoswe a m'siling'i ndi apusi amene amathamanga pamalata athu ndiwo amabweretsa vuto limeneli kawirikawiri.

Mita ikaonetsa ziro, avale magolovesi a zamagetsi ndi kuzula mapulagi pogwiritsa ntchito kiyi wake wa pulasitiki, kuyambira kumapeto kwa mzere. Kudula mzere pakati kumasiya magulu awiri a mavoti 200, amene akadali okwanira kupha, choncho apitirize mpaka mapanelo atatsala awiriawiri kapena imodziimodzi pamalo amene akugwirapo ntchito. Pulagi iliyonse yozulidwa aitseke ndi kachivundikiro kake kuti isagone pamalata ili yotseguka.

Za kuphimba mapanelo ndi lona, ine sindikuvomereza kuti wina adalire njira imeneyi pano. Malona a buluu amene timayanikira chimanga amalowetsa kuwala kokwanira kuti mavoti akhalebe pamwamba, ndipo ngakhale lona wakuda wochindikala, mwera ukakuntha kuchokera kunyanja umamunyamula munthu manja ali m'mawaya. Ntchito yaikulu yosintha mawaya ikonzedwe kuti ichitike kunja kutada, ndi nyali ya pamutu, osati ndi magetsi akuluakulu owunikira mapanelo, ndipo kuyeza kuchitikebe chimodzimodzi. Wokwera aliyense amange lamba wachitetezo, chifukwa magetsi ochepa amene sangaphe angathe kumudzidzimutsa n'kumugwetsa. Osakwera malata akanyowa kapena kukamachita ziphaliwali.

Poyatsanso, katswiri atsimikize kuti mapulagi onse alowa mpaka kulira, zivundikiro zatsekedwa ndipo anthu onse atsika. Achotse maloko iye mwini, akweze BATTERY, atembenuze maswichi a pakhonde, kenako PV1 ndi PV2, ayatse inveta, akweze GRID IN, ndipo AC OUT ikhale yomaliza.

Pa nthawi ya ngozi

Mukaona utsi, kumva fungo la pulasitiki yopsa kapena phokoso lothetheka padenga, tulutsani alendo ndi antchito onse mukasonkhane pamchenga kutsogolo kwa geti la kunyanja. Ngati chipinda cha mabatire mulibe utsi, munthu mmodzi alowe atsitse AC OUT ndi GRID IN, atembenuze PV1 ndi PV2, atsitse BATTERY, n'kutuluka. Ngati muli utsi asalowe konse, chifukwa mabatire a lifiyamu akayamba kupsa amatulutsa mpweya wapoizoni ndipo amatha kuyakanso ataoneka ngati azima. Moto waung'ono wa pa inveta kapena pabokosi lotuwa muuzimitse ndi chozimitsira cha ufa chimene chili pakhomo la khitchini. Musathire madzi a m'ndowa pabokosi, pamawaya kapena padenga, ngakhale nyanja ili pafupi ndipo dzanja limathamangira kumeneko. Ozimitsa moto kapena apolisi akafika, woyang'anira wa tsikulo awauze asanayambe chilichonse kuti padenga pali sola ya mavoti 400 imene siingazimitsidwe masana, ndipo awalozere mpaipi wakuda umene umatsitsa mawaya pakhoma la kumbuyo.

Mphepo ikasasula denga kapena nthambi ikaswa panelo, malata, ngalande za madzi ndi makwerero achitsulo otsamira pamenepo zitengedwe ngati zili ndi magetsi. Panelo yosweka kapena yogwera pansi imapangabe magetsi ikaona kuwala. Tchingani malowo ndi chingwe, ana a alendo asayandikire, ndipo muitane katswiri.

Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukhudze ndi manja. Wina athamangire kumaswichi, koma kumbukirani kuti ngati wagwidwira padenga kapena pabokosi lotuwa maswichiwo sangamumasule. Mulekanitseni ndi wayawo pogwiritsa ntchito mtengo wouma kapena mpaipi wa pulasitiki umene waimikidwa pafupi ndi bokosilo, inu mutaponda pouma mutavala nsapato za labala. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba ndi kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osasiya kufikira thandizo litafika. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, galimoto ya pamalo pano imutengere ku chipatala cha boma ku Salima nthawi yomweyo, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kugunda kwa mtima ndi kupsereza mnofu wamkati pamene pakhungu pakungooneka kabala kakang'ono.

Pambuyo pa ngozi iliyonse maswichi onse akhale okhomedwa ndi loko, makiyi aperekedwe kwa woyang'anira malo, ndipo pasapezeke woyatsa mpaka katswiri atayeza mizere yonse iwiri ndi kusayina m'buku la m'chipinda cha mabatire.