Mawu otsegulira poteteza kafukufuku wa digiri ya masitazi: ngongole za asodzi ndi nyengo yotseka nyanja ya Malombe

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Ndikupereka ulemu kwa inu oyesa nonse, makamaka bambo pulofesa amene mwachokera kusukulu ina, kwa mayi dokotala amene mwandiwongolera pa ntchito yonseyi, komanso kwa mafumu ndi akuluakulu a makomiti a m'madoko amene mwakhala kumbuyoko. Mwandipatsa mphindi zochepa, choncho ndilunjika pa nkhani.

Funso la kafukufukuyu ndi limodzi. N'chifukwa chiyani lamulo lotseka nyanja ya Malombe limamveka pa madoko ena, pomwe pa ena anthu amangolowa m'madzi ngati palibe chimene chalengezedwa? Nyanja ndi yomweyo, lamulo ndi lomwelo, alangizi a zausodzi ndi omwewo.

Mbiri yake mukuidziwa, ndingoyikhudza. Malombe ndi nyanja yosaya, imene mtsinje wa Shire umadutsamo ukachoka m'nyanja ya Malawi pa ulendo wake wa ku Liwonde. Kale inkadziwika ndi chambo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitachepa kwambiri, ndipo asodzi anatembenukira ku kambuzi, pogwiritsa ntchito ukonde wa nkacha wa maso ang'onoang'ono amene amakokolola ndi kasawala yemwe, ana a chambo. Mu 1993 boma linayamba kuyesa njira yatsopano kuno ku Malombe ndi ku Shire wa kumtunda: kusamalira nsomba mogwirizana ndi eni nyanja kudzera m'makomiti a m'madoko. Lamulo la zausodzi la 1997 linapatsa njirayi maziko. Padutsa zaka zoposa makumi atatu, chambo sichinabwerere mmene chinalili.

Olemba ambiri amene ndawawerenga amaloza ku komiti. Ena akuti makomiti alibe mphamvu, ena akuti amakangana ndi mafumu pa za ulamuliro wa doko, enanso akuti boma linangowatulira katundu popanda kuwapatsa chonyamulira. Zonsezi n'zoona ndipo ndazivomereza m'mutu wachiwiri. Koma zonsezi zikuyang'ana kwa wolondera. Ine ndinafuna kuyang'ana kwa wolowa m'madziyo. Munthu amene akudziwa kuti akagwidwa alandidwa ukonde, akudziwanso kuti nsomba zikuswana, chimamukankhira m'bwato usiku wa mu Novembala n'chiyani?

Ndinasankha madoko anayi, awiri kutsidya la kumadzulo m'dera la Mfumu Chimwala, awiri kuvuma m'dera la Mfumu Chowe. Mbali iliyonse ndinatenga doko limodzi lodziwika kuti limasunga lamulo ndi lina lodziwika kuti silisunga, malinga ndi mmene alangizi ndi asodzi eni ake ankanenera. Mayina a madokowa ndawabisa m'bukumu, monga tinagwirizana ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, pakuti zina zimene anthu anandiuza n'zoti munthu akhoza kulipitsidwa nazo. Ndinatsatira nyengo ziwiri zotseka nyanja, ya 2022 ndi ya 2023, kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Ndinacheza ndi eni makoka, alovi amene amawagwirira ntchito m'mabwato, amayi ogula ndi kuyanika nsomba, mafumu ndi mamembala a makomiti, ena m'Chichewa, ambiri m'Chiyao, mothandizidwa ndi wondiperekeza wa konko.

Pa njira zofufuzira, chimene ndikufuna muchione bwino ndi kaundula wa ngongole. Mukafunsa msodzi kuti kodi mumalowa m'nyanja ikatsekedwa, yankho mukulidziwa kale. Aliyense amati ayi, amalowa ndi a doko linalo. Ndiye funsolo sindinkalifunsa. Ndinkafunsa za ndalama: sabata ino mwabwereka kwa yani, mwabwereketsa yani, mwagwirizana kuti mudzabweza ndi chiyani, ndipo liti. Amayi ambiri ogula nsomba ali ndi timakope ta ana asukulu mmene amalembamo zimenezi, ndipo angapo anandilola kukopera. Mwa chitsanzo, patsamba lina la kope la mayi wina wa kuvuma panali dzina la mlovi, ndalama imene anatenga mwana atadwala, ndipo kutsogolo kwake sipanalembedwe tsiku lobweza koma mawu akuti “mabigiri atatu”. Ngongoleyo inali yobweza ndi kambuzi, osati ndi kwacha. Inalembedwa mu Okutobala, nyanja itatsekedwa kale. Mayiwo sanandiuze kuti munthuyo adzaphwanya lamulo, ndipo panalibe chifukwa choti anene. Kopelo linali litanena.

Kaundulayu ndinamuika pambali pa zimene ndinkaona ndi maso m'mamawa: nsomba zaziwisi zili pa thandala kapena palibe, makoka ndi onyowa kapena ouma. Thandala silinama. Pamenepa ndinene za vuto limodzi la kawerengedwe. Mu Novembala 2023, pakati penipeni pa nyengo yachiwiri, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo inasokonekera. Kuyerekeza ngongole za zaka ziwirizi m'makwacha kukanakhala kudzinamiza. Choncho ngongole iliyonse ndinaisandutsa ndowa za chimanga pa mtengo wa pamsika wapafupi sabata imeneyo. Zimenezi zili m'mutu wachitatu, ndipo ndikudziwa kuti bambo pulofesa muli nazo mafunso.

Zimene ndapeza ndi izi. Pa madoko amene lamulo silisungidwa, si kuti anthu ake ndi osamva kapena makomiti ake ndi aulesi kuposa ena. Doko lina losasunga lamulo linali ndi komiti yojijirika kwambiri mwa onse anayi, yokumana pafupipafupi, yolemba bwino zokambirana. Kusiyana kunali pa mtundu wa ngongole imene anthu amalowa nayo m'nyengo yotseka. Kumene alovi ambiri anali ndi ngongole yobweza ndi nsomba, makoka ankanyowa. Kumene ngongole zinali zobweza ndi ndalama, kapena ndi ganyu wa kumunda, kapena zodikira kuti nyanja itsegulidwe, makoka ankauma.

Ndikhalepo pang'ono apa, chifukwa ndiye mtima wa buku lonseli. Nkacha si ukonde wa munthu mmodzi. Umafuna mabwato awiri, gulu la anyamata, ndi mmodzi wolowa pansi pa madzi kukasonkhanitsa ukondewo. Mwini khoka kawirikawiri amatsala kumtunda. Ndi iyeyo amene amakhala m'komiti, ndi iyeyo amene amapita kumaphunziro, ndi iyeyonso amene amalonjeza pamaso pa amfumu kuti khoka lake lipachikidwa. Koma alovi alibe malipiro a pamwezi. Amagawana zimene zaphedwa tsiku limenelo. Nyanja ikatsekedwa mwini khoka ali ndi golosale, ali ndi njinga ya kabaza, mwina munda wa mpunga. Mlovi alibe kanthu, ndipo miyezi imeneyi ndi yomwe chimanga chatha m'nyumba, mbewu ndi feteleza zikufunika mvula isanagwe. Amapita kwa mayi wogula nsomba uja. Mayiyo si munthu woipa, ayi. Nayenso mpamba wake anautenga kwina, ndipo ali ndi omudikira ku msika wa Mangochi, ku Liwonde, ena mpaka ku Limbe. Sangabwereketse pa ulemu chabe. Chikole chokhacho chimene mlovi ali nacho ndi nsomba yomwe ikadali m'madzi. Lamulo likamafika pa doko, nsombayo inagulitsidwa kale isanaphedwe.

N'chifukwa chake kulanda makoka sikunasinthe zambiri pa madoko amene ndinaona. Khoka likalandidwa wolira ndi mwini wake, koma ngongole ya mlovi ili pomwepo, ndipo mawa akakwera bwato la munthu wina.

Nyengo ya 2023 inaonetsa zimenezi poyera. Namondwe wa Freddy mu Malichi chaka chimenecho anawononga minda, anthu ambiri sanakolole zokwanira, ndipo ngakhale pa doko limodzi losunga lamulo ngongole zobweza ndi nsomba zinachuluka. Komiti inali yomweyo, amfumu omwewo. Makoka anayamba kunyowa.

Chinthu china chimene sindinkachiyembekezera chinachokera ku mabanki mkhonde. Magulu ambiri amene ndinawapeza amagawana ndalama mu Disembala, kukonzekera zisangalalo ndi fizi ya Januwale. Kwa mabanja a asodzi nthawi imeneyo ndi yochedwa, chifukwa nyanja yatsala pang'ono kutsegulidwa ndipo ngongole yatengedwa kale. Pa doko lina la kumadzulo, gulu la akazi a alovi linasuntha lokha tsiku logawana kulibweretsa kumapeto kwa Sepitembala. Palibe bungwe linawauza. Doko limeneli ndi lomwe linasunga lamulo nyengo zonse ziwiri.

Ndisapitirire pamene umboni wanga wathera. Madoko anayi si Malombe yense. Sindinayeze kuchuluka kwa nsomba m'madzi, choncho sindikunena kuti kusunga lamulo pa doko limodzi kwabweza chambo. Sindikunenanso kuti banki mkhonde ya mu Sepitembala ndiyo yokha yaumitsa makoka pa doko lija, pakuti kumeneko kulinso madimba amene amapatsa anthu ganyu. Ndipo makope a ngongole ndi a amayi okhawo amene anandikhulupirira. Amene anakana mwina ndi amene anali ndi zambiri zoti ndione.

Komabe ndikukhulupirira kuti ntchitoyi yaonjezera zinthu zooneka. Pa maphunziro a kasamalidwe ka zausodzi, yachotsa maso pa komiti n'kuwaika pa mgwirizano wa mlovi ndi wogula nsomba, umene sukhala pa msonkhano uliwonse koma ndi umene umalamula usiku. Anthu amakonda kutchula chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene kutseka nyanja kwakhala kukusungidwa kuyambira kale pansi pa Mfumu Makanjira, n'kumati ingochitani ngati kumeneko. Koma ku Mbenji asodzi amachoka pachilumbapo nyengo ikakwana. Ku Malombe anthu amagona pamphepete pa madzi pomwepo, ngongole zawo zili pakhomo, choncho ulemu wa mfumu pawokha sungakwanire. Pa njira zofufuzira, kaundula wa ngongole ndi chida chimene wina angakachiyese ku Chilwa kapena ku Chiuta, kumene kufunsa molunjika kungabweretse yankho lomwe lija loti amalowa ndi a doko linalo. Kwa a nthambi ya zausodzi ndi khonsolo, mutu womaliza ukupempha zinthu zosafuna ndalama zambiri: kuti alovi ndi amayi ogula nsomba akhale ndi mipando yawoyawo m'makomiti, osati kuimiridwa ndi eni makoka, ndiponso kuti ntchito za mthandizi ndi kugawana kwa mabanki mkhonde m'midzi ya m'mbali mwa nyanja zizilinganizidwa ndi mwezi umene nyanja imatsekedwa.

A wapampando, nthawi yanga yatha. Ndine wokonzeka kulandira mafunso.