Mzinda Wogulitsa Zithunzithunzi: Zolemba za Woyendetsa Masewero

Nkhaniyi ndi ya osewera 4 kapena 5, ndipo imatha mukakumana pafupifupi kasanu. Mukhale ndi madayisi awiri: `d20` wa mbali 20 ndi `d6` wa mbali 6.

Mumzinda wa Mwalawanyali anthu ayamba kugulitsa zithunzithunzi zawo. Wogulitsa amalandira thumba la golide, koma pakatha masiku 7 amaiwala mayina a ana ake.

Nyambo

Musaponye zonse, sankhani imene ikukhudza mbiri ya osewera anu. Mtsikana wogulitsa makandulo akuwagwira mkono pachipata, akuti bambo ake amufunsa m'mawa uno kuti ndi mwana wa yani. Kapena mmodzi wa osewera akudzuka n'kupeza chithunzithunzi chake chikuloza kumpoto pamene iye wayang'ana kummwera. Yachiwiriyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa patebulo pamangoti zii.

Adani

Mayi Nsalu, msungichuma wa mzinda, ndiwo amagula. Chonde musawasandutse chilombo. Pansi pa nsanja ya belu pali chinthu chotchedwa Njala, ndipo iwo amachidyetsa zithunzithunzi kuti chisadzuke. Choyamba kuperekedwa chinali chawo. Amalankhula motsitsa mawu, manja atabisa m'malaya, ndipo sakhala pafupi ndi nyali. Osewera akawaopseza, iwo amangofunsa kuti: "Ndikasiya lero, mawa mudzachipatsa chiyani?" Funsoli lilibe yankho lapafupi, choncho asiyeni osewera akangane okha, inu khalani chete.

Kapitawo Gwaza ndi wosavuta: amaba zithunzithunzi zina n'kumagulitsa kunja. Ndiye woyenera kumenyana naye.

Osewera akamazengereza, adani sadikira. Tsiku la 3 mtengo ukwera kawiri. La 6 alonda ayamba kulanda mokakamiza. La 9 belu lilira lokha, Njala yadzuka.

Zochitika zosunthika

Izi ziikeni paliponse pamene osewera alowera.

Kaundula wa ogulitsa. Ndinamulembera kunyumba ya Gwaza, koma akapita kudoko, akam'peze kudoko. Asamudalire dayisi: am'peze basi. Kuponya `d20` n'kupeza 13 kapena kuposa kungowathandiza kuona kuti dzina loyamba ndi la Mayi Nsalu.

Msika wa usiku. Nyali zonse zili pansi, anthu akuyang'anana kumapazi. Ponyani `d6`: 1 kapena 2, alonda afika, 3 kapena 4, wina akufuna kugula chithunzithunzi cha wosewera, 5 kapena 6, chithunzithunzi chopanda mwini chikuwakodola kuti achitsatire.

Wina akavomera kugulitsa chake, musamuletse. Mpatseni golideyo, kenaka m'pempheni afufute dzina limodzi papepala lake.

Mapeto

Sindinawalembe. Osewera akhoza kupha Njala, kusamutsa mzinda wonse, kapena kulowa m'malo mwa Mayi Nsalu. Mungokonzeratu masitepe 40 otsikira pansi pa nsanja, pomwe nyali imazima akafika pa sitepe ya 12.