Chikalata Chofotokozera Komiti: Kusiyana kwa Bilu ya Mwayi Wopeza Mauthenga Monga Inabwerera ku Nyumba ya Malamulo ndi Monga Inavomerezedwera

Kupita kwa: Wapampando ndi aphungu olemekezeka a komiti yoona zofalitsa nkhani ndi mauthenga
Kuchokera ku: Nthambi ya kafukufuku yothandiza komitiyi
Mwezi: Okutobala 2020

Olemekezeka a Wapampando, popeza lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza mauthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, munapempha kuti tiike pamodzi bilu imene boma linabweretsa m'chaka cha 2016 ndi imene Nyumba ino inavomereza pa 14 Disembala chaka chomwecho, kuti aphungu amene sanali m'Nyumba nthawi imeneyo adziwe zimene zinasinthidwa ndiponso chifukwa chake. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Peter Mutharika, anasainira biluyi mu Febuluwale 2017. Maziko ake ndi gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapatsa munthu ufulu wopeza mauthenga amene boma likusunga.

Kusintha kumene tikukuona kukhala kwakukulu koposa kuli pa funso lakuti ndani aziyang'anira lamuloli. Zolemba zoyambirira, zimene boma linakonza mothandizana ndi atolankhani ndi mabungwe omwe si aboma, zinafuna kuti pakhazikitsidwe bungwe latsopano loima palokha, koma pamene biluyi inkatuluka m'manja mwa nduna za boma, ndime zonse zonena za bungwelo zinali zitachotsedwa. Nyumba ino sinabwezeretse bungwe latsopanolo monga linalembedwera poyamba, koma inapereka udindowo ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, kuti liziphunzitsa anthu za lamuloli, liziona ngati maofesi akulitsatira, ndiponso liziunikanso madandaulo a anthu amene akanizidwa mauthenga. Kufunika kwa ndimeyi kumaonekera bwino tikaiwerenga pamodzi ndi nthawi imene lamulo lomaliza linaika: ofesi iyenera kuyankha pempho pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo ngati uthengawo ukukhudza moyo kapena ufulu wa munthu, iyankhe pasanathe maola 48. Pakanapanda woyang'anira, munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene pempho lake langokhala pa tebulo akanatsala ndi njira yopita kukhoti yokha, imene ambiri sangaikwanitse. Komabe tiyenera kunena mosabisa kuti bungweli linasenzetsedwa ntchito yatsopano pamwamba pa ntchito zake zakale, ndipo mawu a lamulo paokha salemba anthu ntchito kapena kulipira maulendo a m'maboma.

Kusintha kwachiwiri kukukhudza mauthenga akale. Bilu ya boma inafuna kuti lamuloli lizigwira ntchito pa mauthenga okhawo opangidwa lamulo litayamba, kutanthauza kuti makontirakiti, malipoti ndi zikalata za ndalama za zaka za m'mbuyo zikanakhalabe zotsekeredwa. Malire amenewa anachotsedwa. Ubwino wake ukuoneka tsopano, pakuti lamuloli linadikira zaka zoposa zitatu lisanayambe, ndipo zolemba zonse za nthawi yodikirayo zikanakhala kunja kwake.

Ndime yoteteza anthu oulula zachinyengo, imene inalibe malo mu bilu ya boma, inabwezeretsedwa, kotero kuti wogwira ntchito amene waulula zoipa ndi mtima woona sayenera kulangidwa chifukwa cha kuululako.

Pali mfundo ina imene tikupempha komiti kuti isaidumphe, ngakhale ili m'gulu la zimene sizinakonzedwe mokwanira. Lamulo lomaliza silikhudza zolemba za kabineti ndi makomiti ake, zikalata za milandu imene isanathe kukhoti, mauthenga a moyo wa munthu payekha, komanso mauthenga oletsedwa kufalitsidwa pansi pa lamulo losunga zinsinsi za boma. Zitatu zoyambazo n'zomveka ndipo zimapezekanso m'malamulo a maiko ena. Chachinayi ndicho chikutidetsa nkhawa, chifukwa lamulo la zinsinsilo ndi la m'chaka cha 1913, la nthawi ya atsamunda, ndipo mawu ake ndi otambalala moti ofesi yosafuna kuyankha ingathe kubisala kumbuyo kwake popanda kuphwanya lamulo latsopanoli.

Choncho tikupempha kuti pa msonkhano wotsatira komiti iitane akuluakulu a bungwe loona za ufulu wa anthu adzafotokoze ndalama ndi antchito amene akufunika, iitanenso unduna woona zofalitsa nkhani udzanene maofesi amene asankha kale ofesala woyankha zopempha za anthu, ndipo ilembere komiti yoona za malamulo kuti makomiti awiriwa aunikire pamodzi lamulo la zinsinsi la 1913 zokambirana za bajeti zisanafike.