Manja a Achemwali

Nasimango anayamba kunjenjemera chaka chatha, poyamba linali dzanja lamanja lokha kenako lamanzere nalonso linayamba, koma sanauze munthu. Kukabwera alendo ankabisa manja mchitenje, tiyi ankamwera kuchipinda poopa kuti kapu izichita gwedegwede pamaso pa anthu.

Tsiku lina mng'ono wawo Esinati anabwera kudzacheza nkuwapeza akulimbana ndi batani la bulauzi.

"Achemwali, bwanji kodi?"

"Aaa palibe, kuzizidwa basi."

"Kuzizira kwake kuti dzuwa lonseli?"

Anakhala chete kaye, kenako zonse zinangotuluka ngati madzi a mumtsuko wosweka. Anati manjawa akundikana Esinati, ndikangokhala phee ndiye amanjenjemera zedi, ulusi pa singano sindingalowetsenso, foni ndimadina nambala zolakwika, kwaya ndinasiya poti buku limagwedezeka anthu nkumandiyang'ana, usiku sindigona ndimangoti mwina mutuwu wayamba kusokonekera.

Esinati sanawadule mawu olo kamodzi, chonsecho ndi munthu wolongolola. Sananene zoti limbani mtima. Anangowagwira dzanja lonjenjemeralo nkumamvetsera mpaka anamaliza.

"Ndiye chaka chonse mwasenza nokha zimenezi?"

Nasimango analira, kenako nkuyamba kuseka okha. Dzanja silinasiye kunjenjemera ayi, koma pamtima panapepuka, anapuma mpweya wautali.

"Lolemba tipitire limodzi kuchipatala akakuoneni adokotala," anatero Esinati. "Pano bweretsani batanilo ndikumangireni."