Kalata kwa makasitomala athu: za chigumula cha Lachiwiri ndi zimene webusaiti yaing'ono ingathe kuchita

Okondedwa makasitomala athu,

Tikulemberani kuti tifotokoze zimene zinachitika Lachiwiri lapitali madzulo, pamene mawebusaiti ndi maimelo onse amene timakusungirani anasiya kupezeka kwa mphindi pafupifupi 40, ndipo webusaiti imodzi, yofalitsa nkhani, inakhala yosafikika mpaka m'mawa mwake. Ambiri mwaimba foni kufunsa ngati akuba analowa m'maseva athu. Sanalowe, ndipo palibe uthenga wanu umene unabedwa kapena kusinthidwa. Chimene chinatigwera ndi chiwembu chotchedwa DDoS, chomwe ife kuno timangochitcha chigumula: makompyuta ochuluka a m'mayiko osiyanasiyana amatumiza mapaketi, tizidutswa ta uthenga wa pa intaneti, ku adiresi imodzi nthawi imodzi mpaka njira yolowera itadzaza.

Chingwe chimene chimatilumikiza kwa kampani yotigulitsa intaneti chimanyamula gigabiti imodzi pa sekondi, ndipo tsiku labwinobwino sitifika ngakhale theka. Lachiwirilo anzathu a kumtundawo anatiuza kuti kumbali yawo akuona magigabiti oposa 14 akulunjika pa adiresi imodzi yokha, 203.0.113.25, ya webusaiti ya nkhani ija. Ena mwafunsa chifukwa chake fayawolo yathu sinaletse zimenezi. Inaletsa ndithu, inataya pafupifupi paketi iliyonse yoipa imene inaifikira, koma fayawolo imakhala kumapeto kwa chingwe, ndipo paketi ikamafika pamenepo imakhala itadya kale malo ake m'chingwemo. Zili ngati mlonda amene akubweza anthu pageti pomwe msewu wonse wadzaza kuyambira kumsika: mlendo weniweni safika n'komwe pagetipo. Palibe makina amene tingagule n'kuika m'chipinda chathu cha maseva amene angasinthe masamu amenewa, ndipo aliyense wokutsatsani bokosi lotero pa vuto la mtundu uwu mumufunse kuti chingwe chanu chidzakula bwanji.

Mapaketi ambiri anali a UDP, ochokera pa mapoti 53 ndi 123, kutanthauza kuti anali mayankho ochokera ku maseva a DNS, omasulira mayina a mawebusaiti kukhala maadiresi, ndi a NTP, ouza makompyuta nthawi, amene eni ake anawasiya otsegula. Wachiwembu amatumiza funso laling'ono atalemba adiresi yathu ngati ya wofunsa, ndipo seva yosalakwayo imatumiza yankho lalikulu kwa ife. Pa DNS yankho limatha kukula kuwirikiza makumi angapo, pa lamulo lakale la NTP lotchedwa `monlist` kuwirikiza mazana, ndipo pa memcached, pulogalamu yosungira zinthu mongoyembekezera pa seva, kuwirikiza zikwi makumi. Njira yomalizayi ndi imene inagwetsa GitHub pa 28 Febuluwale 2018 ndi materabiti 1.35 pa sekondi. Kampani yaikulu chotero inapulumuka m'mphindi zochepa chifukwa inali itapangana kale ndi a Akamai kuti zinthu zikavuta mapaketi ake onse adutsire kwa iwo. Ichi ndi chimene tikufuna musunge: chigumula chimaletsedwa kumtunda, kumene njira ndi zotakata, ndipo mgwirizano wake umapangidwa tsiku lamtendere.

Ife tinali ndi chida chimodzi chokha chofulumira, chomwe akatswiri amachitcha bulakiholo. Kudzera mu BGP, imene ndi njira yomwe marauta amauzirana za maadiresi, tinalengeza adiresi imodzi yovutitsidwayo titaiika chizindikiro chouza marauta a kumtunda kuti chilichonse chopita kumeneko achitaye chisanalowe m'chingwe chathu. Chizindikiro chovomerezeka ndi 65535:666, chimene chinakhazikitsidwa mu RFC 7999 m'chaka cha 2016, ngakhale makampani ena ali ndi nambala zawozawo. Pa rauta yathu zimaoneka motere:

```
ip route 203.0.113.25/32 Null0 tag 666
route-map BLACKHOLE permit 10
 match tag 666
 set community 65535:666
router bgp 64500
 address-family ipv4 unicast
  redistribute static route-map BLACKHOLE
```

Pasanathe mphindi ziwiri chilengezereni, chingwe chinapepuka ndipo mawebusaiti ena onse anabwerera.

Tiyenera kunena poyera chimene bulakiholo imachita, pakuti ndi mankhwala owawa. Siisankha paketi yabwino kapena yoipa; imataya zonse. Owerenga enieni a webusaiti ya nkhani ija anatayidwa limodzi ndi chigumulacho, ndipo tinganene kuti tinamutsirizira wachiwembu ntchito imene anayamba, pofuna kupulumutsa inu nonse amene munali pa chingwe chomwecho. Mkonzi wa webusaitiyo anatiimbira usiku umenewo ali wokhumudwa kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa, popeza anali atangotulutsa nkhani imene anthu ambiri ankaifuna. Tinamufotokozera kuti tikachotsa bulakiholo chigumula chisanaleke, webusaiti yake siidzuka, koma m'malo mwake ena onse agwanso naye, kuphatikizapo chipatala chaching'ono ndi sukulu ziwiri zimene zinali pakati potulutsa zotsatira za mayeso. Chisankho chimenechi tikhoza kudzachichitanso, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Dziwaninso kuti chili ndi malire ake: wachiwembu akamwaza mapaketi pa maadiresi onse 256 a chigawo chathu m'malo mwa imodzi, palibe adiresi yoti tiipereke nsembe, chifukwa kuzitaya zonse n'chimodzimodzi kuzimitsa tokha. Pamenepo chothandiza ndi FlowSpec, imene imalola kuuza a kumtunda kuti ataye mtundu umodzi wokha wa mapaketi, mwachitsanzo UDP yochokera pa poti 123, koma si makampani onse amene amalola makasitomala awo kuigwiritsa ntchito.

Njira yachiwiri, imene imasiya webusaiti ili yamoyo, ndi kusefa kwa kumtunda, komwe ena amati sikirabing'i. Kampani yosefa imakhala ndi malo akuluakulu m'mizinda yambiri, ndipo chigumula chikayamba imalengeza chigawo chathu cha maadiresi ngati chake, mapaketi onse n'kupita kwa iyo, n'kutaya oipa, n'kutibwezera abwino kudzera mu mpita wa GRE, njira yapadera yolumikiza rauta yawo ndi yathu. Zovuta zake zilipo zingapo. Marauta a dziko lonse salandira chigawo chochepera /24, choncho kusefa kotereku ndi kwa amene ali ndi maadiresi osachepera 256, monga timapatsidwira ndi AFRINIC, bungwe logawa maadiresi a intaneti mu Africa, osati kwa mwini webusaiti imodzi. Mpita wa GRE umadya mabaiti 24 pa paketi iliyonse, motero MSS, mlingo wa uthenga umene paketi imodzi inganyamule, iyenera kutsitsidwa kufika mabaiti 1436, ndipo ikaiwalika masamba ena amatseguka theka n'kuima, vuto limene limasokoneza mutu kulifufuza pakati pa usiku. Komanso malo osefera ali kutali nafe, ku Joni kapena ku Ulaya, ndiye kuti wowerenga wa ku Zomba amayamba wazungulira kumeneko asanafike pa seva imene ili ku Blantyre. Chachikulu ndi mtengo, umene umalipidwa m'madola mwezi ndi mwezi kaya chigumula chabwera kaya ayi, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zikuvutira. Tayamba kukambirana ndi kampani yotigulitsa intaneti za kusefa kongoyatsidwa pa nthawi ya vuto, ndipo tikadziwa mtengo tidzakuuzani usanakhudze bilu ya aliyense.

Tsopano za inu eni mawebusaiti. Simungathe kulengeza BGP, simungathe kugula kusefa kwa chigawo chonse, koma mungathe kubisala kumbuyo kwa amene ali nako kale, ndipo nthawi zambiri popanda kulipira. Cloudflare yakhala ikuteteza ku zigumula popanda malire ngakhale pa ndondomeko yake yaulere kuyambira 2017. Kwa ofalitsa nkhani, mabungwe a ufulu wa anthu ndi oona za zisankho kuli Project Shield ya Google, komanso Project Galileo ya Cloudflare yomweyo. Mtolankhani Brian Krebs anathawira ku Project Shield mu Seputembala 2016, webusaiti yake itamenyedwa ndi magigabiti pafupifupi 620 pa sekondi ochokera ku makamera ndi tizipangizo tina togwidwa ndi pulogalamu ya Mirai. Mukalowa ku pulokisi yotere, dzina la webusaiti yanu limaloza ku maadiresi awo, ndipo chigumula chimathera kwa iwo.

Koma apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo tikupemphani muwerenge mofatsa. Pulokisi imateteza pokhapokha wachiwembu asakudziwa adiresi yeniyeni ya seva yanu. Adiresi imene mwakhala nayo zaka zambiri inalembedwa kale m'nkhokwe za mbiri ya DNS zimene aliyense angafufuze, choncho mukalowa ku pulokisi tipempheni adiresi yatsopano, tidzakupatsani kwaulere. Yang'ananinso mayina ang'onoang'ono oiwalika monga `mail`, `ftp` ndi `cpanel`, amene kawirikawiri amalozabe ku seva yeniyeni, ndiponso kumbukirani kuti imelo iliyonse imene webusaiti imatumiza yokha, ngati ija yothandiza woiwala pasiwedi, imanyamula adiresi ya seva m'mutu mwake. Pomaliza tiuzeni titseke mapoti 80 ndi 443 kwa aliyense kupatula maadiresi a pulokisi yanu. Ikani TTL ya DNS, nthawi imene makompyuta ena amasunga adiresi yanu asanaifunsenso, pa masekondi 300, kuti tsiku losamuka mwadzidzidzi dziko lisatenge maola likuloza kumalo akale.

Pali mtundu wina wa chigumula umene sudzaza chingwe koma umatopetsa seva, pofunsa mobwerezabwereza tsamba lolemera monga lofufuzira kapena `wp-login.php`. Uwu mungathe kulimbana nawo nokha. Masamba amene sasinthasintha asungidwe m'kashe kuti databesi isamadzutsidwe ndi mlendo aliyense, ndipo pa nginx muike malire:

```
limit_req_zone $binary_remote_addr zone=aliyense:10m rate=10r/s;
limit_req zone=aliyense burst=20 nodelay;
```

Muchenjere ndi ziwiri. Ngati muli kumbuyo kwa pulokisi, nginx iyenera kuuzidwa kuwerenga adiresi yeniyeni ya mlendo, apo ayi idzaona anthu onse ngati munthu mmodzi n'kuwatsekera. Chachiwiri, owerenga anu ambiri amalowa ndi foni, ndipo makampani a mafoni amatulutsira anthu ochuluka pa adiresi imodzi, kotero malire othina kwambiri amabweza makasitomala anu omwe.

Mukalandira uthenga woopseza kuti mulipire ndalama kuti chigumula chisabwere kapena chileke, musalipire ndipo musayankhe. Titumizireni uthengawo wonse monga mwaulandirira. Kusokoneza dala makina a ena ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo zolembedwa za marauta athu za Lachiwiri tazisunga kuti mwini webusaiti ija akafuna kukadandaula ku MACRA kapena kupolisi akhale ndi umboni. Amene ali ndi seva yawoyawo m'chipinda chathu aonetsetsenso kuti DNS, NTP ndi memcached sizikuyankha anthu akunja, chifukwa seva yotsegula ndi imene imasanduka chida chomenyera ena.

Webusaiti ya nkhani ija inabwerera Lachitatu m'mawa ili pa adiresi yatsopano kumbuyo kwa pulokisi, ndipo chigumula chachiwiri chimene chinabwera Lachinayi sichinafike pa chingwe chathu. Sabata yamawa tidzaimbira kasitomala aliyense kuti tione limodzi DNS yake, ndipo tikupemphani mutikonzere nambala ya foni ya munthu mmodzi amene angadzutsidwe usiku ndipo ali ndi mphamvu zovomereza kusintha adiresi.

Ndine wanu,
Mkulu wa zaukadaulo