Ndemanga pa chimangirizo cha Tereza chokhudza mtengo wa chimanga ku Angoniya

Tereza,

Ndawerenga chimangirizo chanu cha phunziro la zachuma la chaka choyamba, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yolondola: chimanga chimatsika mtengo pa msika wa ku Ulongwe anthu akangokolola, kenaka chimakwera mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikayamba kupepuka. Chovuta ndi chakuti mfundoyi ikuyamba kuoneka pa tsamba lachiwiri, chifukwa gawo lalikulu la mawu 1,500 amene munaloledwa lathera pa mawu ongozungulira.

Chiganizo chanu choyamba chikuti: "Monga mmene tonse tikudziwira, ndipo palibe amene angatsutse, nkhani ya mtengo wa chimanga ndi nkhani yofunika kwambiri zedi pa moyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu onse okhala m'dera lino la Angoniya komanso madera ena ozungulira." Ngati tonse tikudziwa, palibe chifukwa chotiuzira, ndipo chiganizochi chingakhalebe choona ngakhale mutachotsa chimanga n'kuikapo mchere kapena makala. Lembani chonchi: "Ku Angoniya mtengo wa chimanga umatsika pa nthawi yokolola ndipo umakwera pa nthawi ya njala, chimangirizo chino chikufotokoza chifukwa chake."

M'ndime yachitatu muli chiganizo chimene chandidetsa nkhawa kuposa zonse: "Pamakhala kuchitika kwa kutsika kwa mtengo potengera chifukwa chakuti pamakhala kuchuluka kwa kubweretsedwa kwa chimanga pa msika kochitidwa ndi alimi." Apa aneni onse mwawasandutsa mayina n'kuwalumikiza ndi "kwa", moti alimi, amene ndi eni nkhani, akutulukira kumapeto ngati alendo ochedwa pa ukwati. M'phunziro la zachuma limeneli si vuto la kalembedwe kokha, popeza woyesa mayeso amafuna kuona ngati mukudziwa chimene chasuntha ndi amene wachisuntha. Lembani kuti: "Mtengo umatsika chifukwa alimi ambiri amabweretsa chimanga pa msika nthawi imodzi." Mukatero, chithunzi chanu cha pa tsamba lachitatu, pamene mzere wa ogulitsa ukusunthira kumanja, chidzamveka popanda ndime ina yochifotokozera, ndipo ndimeyo ndaidula yonse.

Zing'onozing'ono ndazidula ndi inki yofiira. "Pa nthawi ino imene tili" ikhale "panopa", "ndi cholinga chofuna kuti" ikhale "kuti", ndipo "m'maganizo anga ine ndikuona ngati kuti mwina" ichoke yonse, chifukwa dzina lanu lili kale pamwamba pa pepala. Mawu akuti "kwambiri zedi" asatsale paliponse pamene simunapereke chiwerengero chowachirikiza.

Komabe musatenge chikwanje n'kumangodula chilichonse chachitali. Mawu akuti "zinthu zina zonse zikakhala chimodzimodzi", amene munawaika m'ndime yachinayi, asiyeni pomwepo ngakhale akuoneka olemetsa, chifukwa ndi amene akuteteza mfundo yanu. Chaka chimene zokolola zavuta ku Malawi, amalonda ochokera ku Dedza amadzagula chimanga kuno, ndipo mtengo ukhoza kukhala wokwera ngakhale pa nthawi yokolola. Kusintha kwa mphamvu ya kwacha poyerekeza ndi metikali kumakhudzanso malonda a m'malirewa. Pa chifukwa chomwecho, "kawirikawiri" ya m'ndime yachisanu ndaisiya. Muyeso wake ndi uwu: mukachotsa mawu tanthauzo n'kusintha, abwezereni.

Malo amene atsale mukadula muwapereke ku funso limene chimangirizo chanu chalilambalala, lakuti n'chifukwa chiyani mlimi wa ku Domwe kapena ku Tsangano amagulitsa mu Meyi pa mtengo wotsika, akudziwa bwino kuti mu Januwale adzagulanso chimanga chomwecho modula. Munangonena kuti "pali zifukwa zambiri zosiyanasiyana zimene sitingathe kuzitchula zonse pano", pomwe ziwiri kapena zitatu zikadakwana. Mlimiyo amafuna ndalama mwamsanga zobwezera ngongole ya feteleza ndi kulipira aganyu, kusunga kumafuna matumba ndi mankhwala, ndipo anankafumbwe akalowa m'nkhokwe chimanga chimasanduka ufa chisanafike Januwale. Onjezaninso chiganizo chimodzi cha mbali ya ogula: popeza nsima ndi chakudya cha tsiku lililonse, anthu sachepetsa kwenikweni chimene amagula mtengo ukakwera, choncho kuchepa pang'ono kwa chimanga pa msika kumakweza mtengo kwambiri.

Ndime yomaliza ikungobwereza yoyamba, motero muifupikitse ikhale ziganizo ziwiri. Mundibweretsere cholembedwa chatsopanocho Lachisanu likubwerali, pamodzi ndi chakalechi, kuti ndidzaziwerenge moyerekeza.

Ndine mphunzitsi wanu,
Alberto Chimbalanga