Golide wa Chikondi

Chikondi anachoka kwawo ku Senga Bay mu 2021 n'kupita ku Dubai kukagwira ntchito m'khitchini ya hotela. Malipiro ake oyamba anathera pa foni yatsopano ndi nsapato. Mnzake wina wa ku Nkhotakota, wamkulu kwa iye, anam'tengera ku msika wa golide ku Deira.

"Achimwene, ndi kandalama kangaka ndingagule chiyani muno?"

"Galamu imodzi. Koma ya makalati 24, osati mkanda, chifukwa pa mkanda umalipiriranso wosula."

Anagula kagolide kochepa ngati chikhadabo. Mwezi wotsatira mtengo unatsika, ndipo usiku umenewo sanagone. M'mawa anafuna kukagulitsa, koma atamva kuti wasitolo amagula motsikirapo kuposa mmene amagulitsira, anabwerera nako. Malipiro atabwera anagulanso galamu ina.

Mayi ake ankaimba foni kufunsa za malata. "Dikirani pang'ono amayi," ankatero, ngakhale ya feteleza sankaphonya kutumiza. Miyezi ina sankagula n'komwe.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzake anam'kakamiza kuti agulitse msanga. Iye anafunsa kaye mtengo wa malata ku Salima, nagulitsa magalamu okwanira denga lokha. Otsalawo anawasunga pamodzi ndi malisiti ake.